Mpunga wa dzulo usalowe m'kontena ya mwana

"Ndimakhala ku Kawale ndipo ndilibe firiji. Mwana wanga wa Sitandade 3 amanyamuka 6 koloko, kukadya cha m'ma 11. Ndimamuikira mpunga ndi nyemba zotsala usiku, koma masiku ena amabwera nazo akuti zasasa. Ndizimupatsa chiyani?"

Mayi, tiwerengere limodzi maola. Mwaphula mpunga 7 koloko madzulo, mwana akutsegula kontena 11 koloko mawa lake: apo padutsa maola 16. Chakudya chophika chokhala ndi chinyezi sichifunika kukhala pamtetete kupitirira maola awiri, ndipo chikadutsa anayi n'chotaya. Tizilombo timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndiye ganizirani Okutobala wa kuno ku Lilongwe, kunja kuli madigiri 30, chikwama chili pawindo la kalasi.

Mpunga uli ndi vuto lakelake. Muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, kamene njere zake sizifa pophika. Mpunga ukamazizira pang'onopang'ono mumphika, kamadzuka n'kutulutsa poizoni, ndipo poizoniyo satha ngakhale mutenthetse bwanji m'mawa. Tsiku limene zasasa mwanayo amapulumuka, chifukwa sadya. Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi tsiku limene mpunga sukununkha n'komwe, iye wadya, pakangotha maola ochepa wayamba kusanza.

Tsono sankhani zouma ndi zokhala m'khungu lake. Buledi wopaka chiponde amafika masana bwinobwino chifukwa m'chiponde mulibe madzi. Chimodzimodzi chigumu, mandasi, mbuliwuli ndi mtedza wokazinga. Nthochi ndi malalanje musasende, mango musadule. Mpeni ukangolowa, maola aja ayamba kuwerengedwa. Mtedzawo muziusankha pa lichero, wofota ndi wachuku muzitaya, pakuti poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo kukazinga sikumuchotsa.

Mwana wanga ndimamuwotchera mbatata pa mbaula m'mawa womwewo, madzi osamba akutentha. Kale ndinkaitsekera ikadali yamoto. Tsiku lina nditatsegula kontena madzulo ndinapeza chivundikiro chili madontho okhaokha, mbatata yotsala italenda ngati therere. Panopa ndimaiyanika pa mbale mpaka nthunzi ithe, kenako ndimaikulunga m'pepala loyera osasenda, n'kumuuza kuti ayambire iyoyo belu la buleki likangolira. Mtedza ndi nthochi zikhoza kudikira.

Ngati wanuyo ndi wosakhuta popanda mpunga, njira ndi fulasiki ya chakudya, ya kukamwa kwakukulu ija. Thiranimo madzi owira, akhale mphindi zisanu, khuthulani, ndiye ikanimo mpunga ndi nyemba zophika m'mawa womwewo zikadali zootcha, mpaka idzaze. Yesani kaye Loweruka: tsekani 6 koloko, tsegulani 11 koloko. Mukapeza chakudya chikufuka nthunzi, fulasikiyo ndi yabwino. Chikangokhala chofunda, musamunyamulitse mwana.