Thupi lasiya kutentha, nanga masabata 6 m'chipatala ndi achiyani?

"Mng'ono wanga wa zaka 19 wagonekedwa m'chipatala. Akuti tizilombo tamanga pa valavu ya mtima, matenda ake ati endokadayitisi. Lero ndi tsiku la 12 akulandira mankhwala a mumtsempha, thupi linasiya kutentha ndipo nsima akudya. Koma madokotala akuti mpaka masabata 6. Ine ndine gadiyani, ana ndinawasiya okha kumudzi. Sangatipatse mapilitsi tizikamwera kunyumba? Nanga matendawa anawatenga kuti?"

Mayi, pepani ndi matenda. Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa yankho la loyamba lagona momwemo.

Mumtima muli timakomo tinayi, mavalavu aja, timene timatseguka ndi kutseka kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Valavu yosalala tizilombo sitiipezerera kawirikawiri. Koma ikakhala ndi chipsera, timagazi toundana timakakamira pamenepo, ndipo tizilombo tikalowa m'magazi timapeza pokhala. Kwathu kuno chipseracho nthawi zambiri chimayamba ndi zilonda zapakhosi za paubwana zimene sizinachizidwe: thupi polimbana ndi tizilombo ta pakhosi limavulazanso mavalavu ake omwe. Mufunse madokotalawo ngati mng'ono wanuyo ali m'gulu limeneli, makamaka ngati ali mwana ankatupa ndi kuphwanya m'mfundo. Ena amene ali pachiopsezo ndi obadwa ndi vuto la mtima, oikidwa valavu yochita kupanga, amene anadwalapo kale matendawa, otsukidwa magazi pamakina chifukwa cha impso, ndi odzibaya mankhwala ozunguza bongo. Polowera tizilomboti ndi pamalo wamba: dzino lobowoka, nkhama zotuluka magazi, chithupsa, kanula wokhalitsa pamkono.

Kuzindikira matendawa ndiye kumavuta. Munthu amangotentha thupi pang'onopang'ono kwa masabata, thukuta usiku, kuonda, kufooka. Timati malungo, timati TB. Pofika kuchipatala chachikulu amakhala atamwa kale amokisilini wa pagolosale, ndipo apa ndimadandaula kwambiri, chifukwa timakapusozi timeneto sitichiza matendawa koma timabisa tizilombo poyeza. Kuyeza kwenikweni ndi kutenga magazi katatu, malo osiyana, mankhwala asanayambe, n'kuwasunga m'mabotolo ku labu kuti tizilombo timere tidziwike mtundu wake. Kenako sikani ya mtima, imene imaonetsa kachotupa kakulendewera pa valavu ndi mmene magazi akudonthera m'mbuyo.

Kachotupa kameneka ndiko kakukusungani m'chipatala. Taganizani za chulu. Mukathira mankhwala pamwamba, chiswe choyenda panja chimafa tsiku lomwelo, bwalo n'kuoneka loyera, koma make chiswe ali pansi phee. Tizilombo toyandama m'magazi tinafa masiku oyambirira aja, n'chifukwa chake thupi linazizira. Tamkati mwa kachotupako takutidwa ndi magazi oundana. Mulibe timitsempha tofikitsa mankhwala mmenemo, ndipo asilikali a m'thupi amalephera kulowamo. Mankhwala amachita kunyerera kuchokera kunja, ndiye amafunika akhale ochuluka m'magazi usana ndi usiku. Chinanso, tizilombo tambiri mkatimo tili ngati tagona, pamene penisilini ndi anzake amapha bwino kachilombo kamene kakuswana. Pamafunika kudikira kuti tidzuke, gulu ndi gulu. N'chifukwa chake mlingo wake ndi masabata 4 mpaka 6, ndipo kwa wa valavu yochita kupanga sachepera 6.

Kawerengedwe kakenso kamadabwitsa agadiyani ambiri. Nthawi zambiri madokotala sayambira tsiku logonekedwa, koma tsiku loyamba limene magazi anapezeka opanda tizilombo. Tinene kuti diripi inayamba pa 1, magazi oyera anatengedwa pa 4. Masiku 42 ayambira pa 4, kotero tsiku lanu la 12 kwa iwo ndi la 9. Funsani tsiku limene akuwerengera, kuti muzidziwa pokonzekera.

Za mapilitsi, funso lanu si lopusa. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2018 anaonetsa kuti odwala ena, atalandira za mumtsempha kwa masiku osachepera 10, akhoza kumalizira ndi akumwa. Koma anali odwala osankhidwa: kachilombo kake kodziwika, sikani yoonetsa kuti palibe mafinya, mankhwala mitundu iwiri, ndipo ankaonedwa kuchipatala kangapo pa sabata. Masabata sanachepe ayi. Kufunsa funsani, koma ngati mudzi uli kutali ndi chipatala, ine sindingakulimbikitseni. Matendawa akabwerera amapeza valavu yofooka kale. Ikabooka, chotsala ndi opaleshoni ya mtima.

Pakali pano maso anu ndi ofunika. Thupi likatenthanso, akayamba kubanika pogona chagada, mapazi akatupa, pakamwa pakapotoka kapena mkono ukalemera, itanani anamwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Chidutswa cha kachotupa kaja chimatha kuthothoka n'kukatseka mtsempha wa muubongo. Pamene pali kanula pakafiira kapena kutupa, nenani asinthe. Ndipo kumudziko tumizani uthenga, achibale mugawane masabata otsalawa, wina adzakulandireni. Mng'ono wanuyo asanatuluke, apemphe kuonana ndi dokotala wa mano.