Kuluka kachidole ka amigurumi mozungulira osalumikiza

"Ndikuluka kanjovu ka amigurumi kuno ku Ulongwe. Posintha mtundu wa ulusi pakuoneka ngati sitepe, ndipo thonje likutulukira m'mipata. Ndikulakwitsa pati?"

Amayi, ulusi watsopanowo muziulowetsa sitichi ya mtundu wakale isanathe. Pa sitichi yomaliza, pa singano ya koloshe pakatsala timalupu tiwiri, kolani ulusi watsopano n'kuudutsa mu tonse tiwiri. Kenako pa sitichi yoyamba ya mtundu watsopano ingodutsani ulusi osakweza, ija mapatani amalemba sl st, koma momasuka chifukwa mudzalukaponso mukazungulira. Sitepe imabwera poti mizere yake imakwera ngati chigoba cha nkhono, ndiye mapeto a mzere amakhala pamwamba pa chiyambi chake. Siitheratu, choncho posinthapo pazikhala kumsana kapena pansi pa mimba. Pa sitichi yoyamba ya mzere uliwonse kolekanipo kaulusi ka mtundu wina kuti musasokoneze kuwerenga.

Thonje likamatuluka ndiye kuti maluko ngomasuka. Ngati pepala la ulusi likuti singano ya mamilimita 4, lukani ndi singano ya 3. Pochepetsa masitichi, lowetsani singano m'timalupu takutsogolo tokha ta masitichi awiri amene mukuphatikizawo, mpata sutsala.

Thonjelo muzilinyotsola tizidutswa ngati dzira la njiwa. Yambani ndi m'mbali kenako pakati, ndipo mutu muudzaze masitichi akatsala 18, polowetsera thonje pasanachepe. Mukafinya n'kutsala dzenje, lachepa. Likamaonekera m'mipata maluko ali othina, lachuluka.

Ngati kanjovuko mukulukira khanda, maso muwasoke ndi ulusi, a pulasitiki angazuke. Mwana akameza kanthu, thamangani naye kuchipatala.