Funso limene mwini vidiyo angayankhe

"Ndine mtsikana wa ku Nkhotakota, ndinalemba MSCE chaka chatha. Ndikuphunzira Excel pa YouTube kuti ndikafunsire ukalaliki ku Dwangwa. Zikandikanika ndimalembera mwini vidiyo kuti 'sizikutheka, thandizeni', koma sayankha. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, mphunzitsi uja sakuona kompyuta yanu. Kuti akuthandizeni ayenera kuyamba wakufunsani mafunso angapo, pomwe anthu omulembera ndi ambirimbiri. Amayankha funso limene angalimalize ndi chiganizo chimodzi, choncho muuzeni zonse zimene akanaona akanakhala pambali panu.

Tiyerekeze kuti mukuyeserera ndi mndandanda wa alimi a mpunga. Manambala awo ali mu kolamu D, makilogalamu amene anagulitsa ali mu E, ndipo nambala ya mlimi amene mukumufuna mwailemba mu A2. Mwakopera zomwe mphunzitsi uja walemba:

```
=XLOOKUP(A2,D:D,E:E)
```

Kwa iye patuluka nambala, kwa inu patuluka #NAME?. Funso lanu likhale lotere: "Pa 6:40 mwagwiritsa ntchito XLOOKUP. Ndalemba =XLOOKUP(A2,D:D,E:E) mu Excel 2016 pa laputopu, ndimayembekezera 350 koma pakubwera #NAME?. Ndaonanso kalembedwe, kali bwino. Pali njira ina mu 2016?"

Akangoona 2016, yankho walipeza kale. XLOOKUP mulibe mu Excel 2016 ngakhale 2019, imapezeka mu Excel 2021 ndi Microsoft 365. Makompyuta ambiri akale amene timaphunzirira ali ndi Excel yakale, ndiye vutoli si lachilendo. Adzangokuuzani kuti mulembe izi:

```
=VLOOKUP(A2,D:E,2,FALSE)
```

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi kukopera uthenga wa vutolo ndendende mmene ulili. #NAME? ndi #N/A zimaoneka ngati pachibale, koma matenda ake ndi osiyana. Yoyamba ikutanthauza kuti Excel sikudziwa dzina limene mwalemba. Yachiwiri ikutanthauza kuti fomula yamveka, yafufuza, koma sinapeze chomwe mukufuna, mwina chifukwa nambala ya mlimi inasungidwa ngati mawu kapena ili ndi kampata kosaoneka kumapeto. Mukangoti "ikulemba zachilendo", mphunzitsi sangadziwe kuti ayambire kuti.

Nthawi ija, 6:40, ilembeni choncho ndi madontho awiri. YouTube imaisandutsa podina, iye akadina amafika pomwepo osaonera vidiyo yonse.

Funsani chinthu chimodzi chokha, m'chilankhulo chimene vidiyoyo ikuyankhula. Chizungu chothyoka chisakuchititseni manyazi, bola manambala ndi fomula zili zolondola. Musaike nambala yanu ya foni kapena mayina enieni a alimi, pakuti aliyense amawerenga pamenepo.

Onaninso tsiku limene vidiyo inatuluka. Ngati ndi ya zaka zisanu zapitazo, mwini wake mwina anasiya kalekale kuyang'anako. Pezani yatsopano ya mutu womwewo, ya mphunzitsi amene mukuona kuti wayankhapo ena posachedwa, mukafunse kumeneko.