Thambo lasintha koma nyanja yatsalira dzulo

"Amalume, chithunzi cha nyanja chija ndachichotsa thambo lotuwa, ndaika labuluu la mitambo mu Photoshop. Koma madzi akadali otuwa, mawindo a nyumba ija nawonso ndi oyera mbee. Aliyense akuti chikuoneka chabodza. Ndalakwitsa pati?"

Ee mphwanga, ndachiona chithunzicho. Ndingolankhula, kulemba kunditalikira. Sunalakwitse kwenikweni. Chida chija cha Edit > Sky Replacement, chimene anachiika mu Photoshop mu 2020, chimasintha thambo lokha basi, n'kuthirako pang'ono mtundu wake pansi. Zoti nyanja ndi kalilole sichidziwa. Zamadzi ndi zamagalasi ndi ntchito ya manja ako.

Koma tisanafike kumadzi, yang'ana mithunzi. Tsiku limene unajambula kunali kwa mitambo, mitengo ilibe mithunzi yakuthwa. Iwe wasankha thambo la dzuwa loswa mtengo. Diso la munthu limakana zimenezo ngakhale mwini wakeyo asadziwe chifukwa. Sankha thambo la mitambo yambiri, buluu wake wozizira, ndipo mbali yowala ya mitambo ikhale kumene phiri lija likuwalira, kumanzere. Ikakhala mbali inayo, dina Flip. Pomaliza, pa Output To sankha New Layers, kuti thambolo likhale pa leya yakeyake. Tiifuna leya imeneyo.

Tsopano madzi. Pezani, aa, peza leya ya thambo ija, uikope ndi Ctrl+J, uikokere pamwamba pa zonse, ndipo ufufute masiki imene yabwera nayo. Kenako Ctrl+T, dina batani lakumanja la mausi, Flip Vertical. Mitambo yazondoka. Mpaka pamenepa aliyense amafika bwinobwino.

Pamene anthu amagwera m'mbuna ndi poti thambo lozondokalo aliike pati. Ambiri amaliyambira pamwamba pa phiri, poti ndi pamene thambo likuthera m'maso mwawo. Ayi. Kalilole wako ndi madzi, ndiye popindira pake ndi pamzere umene nyanja ikuthera kutsidya, m'munsi mwa phiri. Ukajambula tsidya lakutali choncho, mzere umenewo umakhala pafupifupi pa msinkhu wa maso ako, ndipo mpamene zakumwamba zimapindikira.

Ndikupatse chitsanzo ndi chithunzi chako chomwecho. Tinene kuti phiri lakwera mapikiselo 500 kuchokera pamzere wa gombe, ndipo kamtambo kaja kozungulira kali mapikiselo 900 pamwamba pa mzerewo. M'madzi kayenera kuoneka mapikiselo 900 pansi pa mzere womwewo, molunjika pansi pake ndendende, osapatukira kumanja kapena kumanzere. Nsonga ya phiri ikhala pa 500 pansi, kamtamboko n'kutsika 400 ena. Ukapindira pansonga ya phiri, kamtambo kagwera pamapikiselo 100 pamwamba pa gombe, kutanthauza kuti kabisala m'phiri, m'madzi mulibe. Mitambo yonse yasuntha ndi 1000. Ndiye tsegula marula ndi Ctrl+R, koka mzere wotsogolera uuike pagombe, sankha mtambo umodzi wodziwika, uyeze m'mwamba ndi m'munsi. Pokoka gwira Shift kuti leya isatsetserekere m'mbali.

Ukatero sintha leyayo kuchoka pa Normal kupita pa Multiply. Multiply amangodetsa, sawalitsa. Ndiye pamene madzi anali otuwa mowala, buluu alowa, koma timizere takuda ta mafunde titsala mmene tinalili. Izi ndi zimene zimapulumutsa chithunzi, chifukwa mafunde enieni sungawajambule ndi dzanja, ine ndinayesapo, ankaoneka ngati malata.

Ika masiki yakuda, gwira Alt podina chizindikiro cha masiki, zonse zibisike. Tenga burashi yofewa yoyera, upake pokhapo pamene thambo lakale linkaonekera m'madzi. Pamene pali chithunzithunzi cha phiri, cha mitengo, cha bwato lija, osakhudza. Mtambo sungadutse pamwamba pa chithunzithunzi cha phiri, monganso sudutsa kutsogolo kwa phiri lenilenilo.

Ndiye pali china chimene ndikufuna uchimvetse, osati kungoloweza. Ukaima m'mphepete mwa madzi n'kuyang'ana pamapazi ako, umaona miyala ndi mchenga wapansi. Ukakweza maso kuyang'ana kutali, pansi sipaonekanso, umangoona thambo. Madzi ukawayang'ana molunjika kuchokera pamwamba amabweza kuwala pafupifupi 2 peresenti yokha, koma ukamawayang'ana mopendeketsa kwambiri amabweza pafupifupi konse. Choncho pamasiki yako, kutsidya thambo lioneke mwamphamvu, ndipo lizizilala pamene likuyandikira kamera. Miyala ija ikuoneka m'madzi m'munsi mwa chithunzi isaphimbike. Burashi yaikulu yakuda, Opacity yake pa 20 peresenti, udutse kangapo m'munsimo, zatheka. Ndipo thambo la m'madzi lisawale kuposa lakumwamba. Likawala, bodza laonekera poyera. Leya yonseyo ine ndimayambira pa 60 peresenti, n'kumasuntha ndikuyang'ana.

Madzi ako sanali bata, anali ndi timafunde. Timafunde timakoka chithunzithunzi chitalike chotsika, osati cham'mbali. Dina kachithunzi ka leyayo, osati ka masiki, kenako pita Filter > Blur > Motion Blur, Angle ikhale 90, Distance uyambire pa 30. Muyezo wake uli m'chithunzi momwemo: yang'ana mmene mitengo yasungunukira m'madzi, mitambo isungunuke chimodzimodzi. Mitengo yosungunuka pambali pa mtambo wakuthwa ngati lumo, ayi, sizigwirizana.

Magalasi tsopano, ndipo apa usachite zomwe wachita pamadzi. Madzi agona, windo laimirira. Windo silizondotsa thambo. Komanso windo limene layang'anizana nawe likuonetsa thambo la kumbuyo kwako, limene kamera sinalione n'komwe. Ndiye mtambo uli pamwamba pa denga usaonekenso m'windo. Kopanso thambo lakumwamba lija monga poyamba, masiki yake ufufute, Flip Horizontal, ulisunthe mpaka pawindo pagwere chigawo china chosazindikirika. Sankha galasi lililonse palokha ndi Polygonal Lasso Tool, mafelemu ndi zitsulo uzisiye kunja, kenako dina masiki.

Mawindo awiri am'mwamba aja ndi oyera chifukwa amabweza thambo lakale, amenewo Multiply. Koma lam'munsi lija ndi lakuda, makatani akuoneka mkati. Multiply pamenepo sachita kanthu, chakuda sungachidetsenso. Lipatse leya yake pa Screen, wotsika, 15 kapena 20 peresenti, makatani azionekabe. Galasi wamba ukaliyang'ana molunjika limabweza pafupifupi 8 peresenti ya kuwala, n'chifukwa chake zamkati zimaoneka. Ndipo ukafuna kukometsa, sunthako thambo pang'ono pagalasi lililonse, poti magalasi a nyumba salingana ndendende mmene anakhalira m'mafelemu.

O, ndatsala pang'ono kuiwala. Kulitsa chithunzi pa 100 peresenti uyang'ane mtengo wakumanja uja. Masamba ake azunguliridwa ndi kamzere koyera, otsalira a thambo lakale. Ukamabwerezanso Sky Replacement, sunthasuntha Shift Edge pang'onopang'ono mpaka kamzereko kathe, koma timthambi tisadyeke. Uonanso kuti chithunzi chako chili ndi timadontho tonga mchenga pamene thambo latsopano ndi losalala. Filter > Noise > Add Noise, 1 kapena 2 peresenti, pa maleya onse a thambo, la m'madzi lomwe, poti Motion Blur yalisalaza kwambiri.

Ukamaliza unditumizire ngati fayilo, osati ngati chithunzi wamba, chifukwa pano amazifinya ndipo kamzere kaja sindingakaone.