Mtengo wanga unali wotsika, koma tenda aipereka kwa wina

Funso: A loya, ndili ndi malo okhomera mipando ku Luwinga kuno ku Mzuzu. Ofesi ina ya boma inaitanitsa madesiki 600. Tsiku lotsegula maenvulopu ndinamva ndekha kuti mtengo wanga, K18 miliyoni, ndiwo unali wotsika. Tsopano akuti apatsa wa K21 miliyoni. Kodi kumeneku si kundibera?

Yankho: Bambo, mwina akuberanidi, mwinanso ayi. Chimene chingatiuze zoona ndi lipoti la gulu lomwe linaunika matendawo.

Mtengo umene amawerenga pagulu tsiku lija sindiwo umapambanitsa munthu. Gululo limayamba laona mapepala: kodi fomu yasainidwa, satifiketi ya msonkho ya ku MRA sinathe ntchito, munthuyo analembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma, ndipo chikole chilipo ngati anachipempha? Ambiri amagwera pompa, mtengo wawo osaonedwa n'komwe. Kenako amaona ngati katunduyo ndi amene anapemphadi. Ngati anati desiki ya miyendo yachitsulo inu n'kulemba yamatabwa okhaokha, mwatuluka, ngakhale matabwawo akhale a mlombwa.

Akafika pa ndalama amawerengetsanso masamu. Tinene kuti munalemba K32,000 pa desiki imodzi, koma pansi n'kuika K18,000,000. Madesiki 600 pa mtengo umenewo ndi K19,200,000, ndipo kawirikawiri amatsata mtengo wa desiki imodziwo. Komabe mukadali pansi pa mnzanuyo, ndiye ngati munagwa, simunagwere pamenepa.

Mphamvu yanu ili apa: muyeso wokhawo wololedwa ndi umene unalembedwa m'chikalata cha tenda chomwe munatenga. Gulu lounika silingaonjezepo zake maenvulopu atatsegulidwa kale. Akanena kuti mwagwa chifukwa mulibe lole yanuyanu yonyamulira madesiki, pomwe chikalata sichinatchulepo za lole, lipotilo ndi lolakwika, ngakhale komiti yogula zinthu ya pa ofesiyo italivomereza.

Choncho lembani kalata lero lomwe kwa mkulu wa ofesiyo, kupempha zifukwa zomwe tenda yanu inakanidwira. Kalata, osati foni, ndipo kope yanu aidinde n'kulembapo tsiku. Musayembekezere kuti akupatsani lipoti lonse, popeza muli zinsinsi za malonda a anzanu; zokhudza inu ndizo ayenera kukuuzani. Yankho likabwera, liikeni pambali pa chikalata chija n'kufananiza mzere ndi mzere.

Mukapeza kuti zasemphana, perekani dandaulo lolemba kwa mkuluyo kapena ku PPDA, mutchule ndime yeniyeni ya chikalata imene sanaitsate. Kungoti "panali chinyengo" sikukuthandizani, ndipo ngati muli ndi umboni wa ziphuphu, imeneyo ndi nkhani ya ACB. Fulumirani, chifukwa masiku odandaulira ndi owerengeka ndipo kontilakiti ikasainidwa n'kovuta kuibweza. Zikakanika konseko, Khoti Lalikulu la kuno ku Mzuzu lingaunike ngati ndondomeko inatsatidwa, koma silidzasankha lokha wokhoma madesikiwo.