Khomo linatsekeka, linatsekedwa kapena linatchingidwa?

Funso: "Ndimagwira ntchito mu ofesi ya anthu ambiri kuno ku Thyolo. Lachinayi tikuyeserera kuthawa moto, tinapeza makatoni a mafayilo ataunjikidwa pakhomo lakumbuyo, moti tinabwerera. Mu lipoti ndinalemba kuti 'khomo la ngozi linatsekeka'. Abwana angotumiza kalipentala. Ndinaphonya pati?" Mayi wa ku Thyolo

Mayi, abwana anu atsatira zimene mneni wanu wawauza. Tikati chinthu chatsekeka, chathyoka kapena chang'ambika, timanena mmene chinthucho chilili, osaloza dzanja la munthu. Ndi chifukwa chake khutu limakana kumva kuti "khomo linatsekeka ndi mlonda". Wowerenga mawu anuwo amaganiza za chitseko chimene chikukanika chokha, monga chija chamatabwa chimene chimafufuma ndi chinyontho cha chiperoni m'miyezi ya Juni ndi Julayi, n'kumakana kutseguka. Vuto lotere ndi la kalipentaladi.

"Linatsekedwa" likanasonyeza kuti pali wina amene anatseka, komabe silikanakuthandizani. Zitseko zambiri zothawira zimakhala zotseka tsiku lonse, ndipo palibe cholakwa malinga ngati munthu ali mkati angathe kukankha n'kutuluka osafuna kiyi. Abwana akanangoti, "Nanga mumafuna chizikhala pululu?" Chikanakhala kuti wina anapachikapo loko, mukanalemba kuti chitseko chinali chokiya, n'kutchula amene amasunga kiyiyo.

Zimene munaona inuyo ndi kutchinga. Kutchinga ndi kuika chinthu patsogolo pa china kuti munthu asadutse kapena asaone. Chitseko chanu chilibe vuto, koma njira yofikira pa icho ndi imene yaphedwa. Ubwino wa mneniyu ndi woti amakukakamizani kunena chotchingacho: "linatchingidwa ndi makatoni a mafayilo". Wowerenga amadziwa pompo kuti pakufunika anthu onyamula katundu ndi malo ena osungira mafayilowo. Komanso "-dwa" ameneyu amasonyeza kuti ndi ntchito ya munthu popanda kumutchula dzina, zomwe ndi zabwino ngati simunamuone akuunjika.

Mawu oti "khomo la ngozi" nawonso asiyeni. Amamveka ngati khomo loopsa kudutsapo, monga tikamati msewu wa ngozi. Lembani "khomo lothawira pakagwa ngozi", chifukwa "-ira" wa mu "lothawira" ndi amene akunena ntchito ya khomolo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri m'malipoti otere ndi nthawi ya mneni. "Linatchingidwa" likukamba za Lachinayi basi, ndipo munthu wotanganidwa angaganize kuti zinakonzedwa kale. Ngati makatoniwo alipobe, nenani kuti "likadali lotchingidwa mpaka lero". Ngati munawakankhira pambali tsiku lomwelo, nenaninso, ndipo tchulani pamene ali, chifukwa katundu wosowa malo sachedwa kubwerera pomwe anali.

Tiyerekeze kuti zinachitika motere, inu muikemo manambala anu enieni:

"Bwana, Lachinayi nthawi ya 10 koloko m'mawa, poyeserera kuthawa moto, tinapeza khomo lothawira lakumbuyo, la pafupi ndi chipinda cha mafayilo, litatchingidwa cha mkati ndi makatoni 14 ounjikidwa kufika m'chifuwa. Anthu 23 a mbali imeneyo, kuphatikizapo alendo odikira thandizo, anabwerera n'kukatulukira khomo lakumaso, kumene kunali kuthithikana. Anafika pamalo osonkhanirana patapita mphindi 6, pamene anzawo anafika m'mphindi 2. Chitseko chenichenicho chimatseguka bwino. Khomoli likadali lotchingidwa. Ndikupempha kuti makatoniwa achotsedwe lero, apezeredwe malo ena, ndipo pakhale munthu woyendera khomoli m'mawa uliwonse."

Onani kuti ndalemba "cha mkati". Khomo limathanso kutchingidwa cha kunja, ndi galimoto kapena njinga zoimikidwa pafupi, ndipo popeza chitseko chothawira chimatsegukira kunja, a mkati sadziwa kanthu mpaka atachikankha. Wokakonza ayenera kudziwa mbali yoti apite.

Pa pempho lomalizalo musafewetse mawu ndi "mwina" kapena "ngati nkotheka". Ulemu uli kale mu "Bwana" ndi "ndikupempha". Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito limafuna kuti njira zothawira moto zizikhala zosatchingidwa, choncho simukupempha chifundo. Phatikizani chithunzi cha makatoniwo, lembani deti, perekani lipotilo kwa abwana ndi kwa woyang'anira za chitetezo pa ofesi panu, ndipo musunge kope lanu. Mawa lake mupite mukakankhe chitsekocho nokha, muone ngati munthu angadutse osapewa kanthu.