Madzulo a Mwera ndi Banjo ya Namoko

"Abale, bambo a kunyumba ali ku Joni, ana ali kusukulu yogonera komweko. Dzuwa likangolowa nyumba imandikulira. Ndi nyimbo ziti zoti ndizimvera kuti kukhala ndekha kusamandipweteke?"

Achemwali, choyamba tulutsani memore khadi imene ili mufoni mwanuyo, makamaka ngati anakuikirani nyimbozo ndi bambowo asananyamuke. Ine zimenezi zinandionetsa zakuda. Wanga anapita ku Joni ine ndili ku Makawa, tikumanga nyumba imene mpaka lero ilibe mawindo agalasi. Poyamba ankaimba foni, kenako mauthenga okha, kenako zii. Ndiye tsiku lina nthawi ya mwera, mukudziwa mmene mphepo ija imachitira mu Juni, asodzi osalowa pamadzi, nyali za usipa zija osaoneka, gombe lonse mdima bii. Adhana ya magharibi itangotha ndinatseka chitseko, nsima ndinaphika ya munthu mmodzi koma inatsala. Ndinayatsa nyimbo pafoni kuti phokoso la malata lisandisokoneze, ili pa shuffle. Nyimbo yachitatu inali ija tinavina paukwati wathu. Dzanja linapita lokha pa WhatsApp. Ndikupeza mlamu wanga, mchemwali wake weniweni, waika chithunzi: mwamuna wanga wakhala pampando, pambali pake mkazi wovala chitenje chofanana ndi malaya ake, khanda pamiyendo. Nyimbo ija ikuimbabe. Ndinakhala pansi pasimenti, miyendo inakana, foni ndinaigwira mpaka batire linatha, ndipo itazima nyimbo ija inapitirirabe m'mutu mpaka adhana ya m'bandakucha.

Chimene chimandiwawa mpaka pano si mwamunayo ayi, ndi abale ake. Ankadziwa onse! Apongozi anga ankabwera kudzatenga ufa ndi utaka wouma kwa ine, n'kumandiuza kuti pirira mwananga, ku Joni ntchito zavuta, pomwe katundu wotumizidwa ndi mkazi winayo akulandira iwo kwa matransipota. Mlamu uja titakumana pamsika wa pa boma anandipatsa moni mano onse panja. Mulungu awaone anthu amenewo.

Pambuyo pake ndinazindikira kuti nyimbo yopweteka madzulo ndi imene muli munthu wanu mkati mwake, kaya ndi yachisoni kaya ndi yachisangalalo. Ndiye sankhani zimene munazimva iye musanamudziwe, za pa wailesi ya bambo anu muli mwana. Ine amene anandigoneka tulo koyamba ndi Allan Namoko, woimba wosaona uja wa ku Thyolo, wa Chimvu River Jazz Band, amene anamwalira mu 1995. Banjo yake imangozungulira pamalo amodzi, ng'oma ndi zisekese zikutsatira mosathamanga, palibe pomwe nyimbo imakwera mwadzidzidzi kuti mtima udumphe. Ukamamvera umayamba kupuma motsatana nayo osadziwa. Ndipo imandikumbutsa khonde la agogo, komwe mwamuna uja sanapondeko.

Agide, a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu obadwa mu 1930 aja, nawonso ndi abwino, koma funani pamene akuimba okha ndi gitala wawo. Linny Hoo imene anaimba ndi Namadingo mu 2020 ndi yokoma, inde, koma inamveka paukwati uliwonse ndi m'minibasi iliyonse ya ku Monkey Bay, ndiye mwina ili kale ndi nkhope ya munthu wina. Imeneyo isiyireni masana mukuchapa.

Ndondomeko yake nayo ndi nkhani. Musayambe ndi nyimbo yodekha kwambiri mtima uli m'mwamba, imakukwiyitsani, mumangoona ngati ikuchedwa. Ine ndimayamba ndi ziwiri zoyendako pang'ono, za Agide, ndikutsuka mbale ndi kutseka nkhuku. Ndikakhala pamkeka ndiye Namoko, zitatu kapena zinayi. Zomalizira ndi za Wambali Mkandawire, makamaka za mu Zani Muwone ya 2002, zodekhazo. Zambiri amaimba m'Chitumbuka, ndipo ine wokulira pakati pa Chichewa ndi Chiyao ndimangotolapo mawu apa ndi apo. Ubwino wake ndi womwewo: mawu sakundifunsa kanthu, sindikuwayerekeza ndi moyo wanga, ndimangomva liwu la munthu wamkulu ali m'nyumba. Zonse pamodzi zisapose nyimbo khumi, mphindi makumi anayi basi, zikatha foni ikhale chete yokha. Repeat ayi. Nyimbo imodzi ikabwerezedwa usiku wonse, ngakhale yabwino, imasanduka pokumbira maganizo.

Mukapita kwa anyamata obena nyimbo, musawauze kuti "ndiikireni zoziziritsa mtima". Adzakudzazirani mazanamazana a nyimbo zachikondi, zolira kuti bwerera, zonse mufoda imodzi, ndipo shuffle idzakusankhirani yoipitsitsa pa nthawi yoipitsitsa. Lembani papepala mayina a oimba, muwauze apange foda yapayokha, aike manambala 01, 02, 03 kutsogolo kwa dzina la nyimbo iliyonse kuti zizitsatana mmene mwafunira. Muime pomwepo mumvere chiyambi cha iliyonse, chifukwa zina amazitenga zili ndi mawu a munthu wolengeza dzina la shopu pakati pa nyimbo, mokuwa, ndipo zimenezo usiku zimadzidzimutsa. Kukhala bwino mugule memore ina yaying'ono muike mu kawailesi ka sola kaja, foni ikhale kutali m'chipinda. Foni yomwe ikuimba nyimbo ndi yomweyo ili ndi zithunzi zake ndi "last seen" yake, ndiye musadzinamize kuti simuyang'ana.

Mahedifoni ndinawasiya. Amaika nyimbo m'kati mwa mutu, ndipo ukakhala wekha m'nyumba umayambanso kuopa kuti wina akugogoda iwe osamva. Kawailesi kakhale pakona, voliyumu yotsika moti mukumvabe mafunde kapena achule, ndi njinga yodutsa panja. Nyumba imamveka ngati muli munthu wina amene akuchita zake osakuvutitsani.

Kudziwa kuti nyimbo siikukuyenerani n'kosavuta. Mukaona kuti mwayamba kukonza m'mutu mawu oti mudzamuuze, kapena pakhosi pamangika, kapena mwadzuka kukatenga foni, ichotseni mufodamo mawa lomwe, ngakhale ikhale ya kwaya ya kutchalitchi kwanu kapena kaswida amene mumamukonda. Yoyenera imachititsa kuti mapewa agwe, muyasamule, mukumbukire kuti tiyi wazizira. Za mapemphero zina n'zabwino, koma zija zoti adani anga adzaona zimangokolezera moto, ine zinkandisiya ndikuwerenga abale ake mmodzimmodzi mpaka pakati pa usiku.

Komabe pali masiku ena oti zonsezi sizigwira. Tsiku lotero ikani dala nyimbo yopweteka ija, ya paukwati yomweyo ngati ilipo, mulire mpaka mutope, chifukwa ine tulo tenitenito tinabwera nditalira chomwecho kaye, Namoko anadzangopitiriza. Ndipo musazolowere kwambiri kukhala nokha ayi. Kukayamba kuda tengani mpando mukakhale kwa anzanu oyandikana nawo mpaka nthawi ya isha, muzibwera kunyumba tulo tili pafupi. Bambowo muziwaimbira pa vidiyo, osati mawu okha, ndipo muziwauza azungulitse foni muone chipinda chonse.